Mphaka wanu wanenepa: mmene mungamuyezere ndi manja ndi kumuchepetsa thupi pang'onopang'ono

Kwathu kuno kunenepa timakuona ngati chizindikiro cha kusamalidwa, ndiye mphaka akadzaza thupi, alendo amayamikira kuti pakhomo pano amadya bwino. Koma mphaka amene mafuta akuta nthiti zake amavutika mwakachetechete. Amasiya kulumpha pa mpanda, amalephera kudzinyambita kumsana ndi kumchira mpaka ubweya umapotana, mawondo amamupweteka, ndipo amakhala pangozi yodwala shuga ndi matenda a m'chikhodzodzo. Amene amanenepa kwambiri ndi amphaka ofulidwa kapena otsekedwa kuti asabereke, okhala m'nyumba, amene mbale yawo siuma. Opaleshoni imeneyi ndi yabwino, koma imachepetsa mphamvu imene thupi limafuna pa tsiku pamene chilakolako cha chakudya chimakula, ndipo eni ake ambiri amapitiriza kuthira chakudya monga kale.

Ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa ndi limene lingapulumutse moyo wa chiweto chanu. Mphaka wonenepa musamumane chakudya kuti awonde msanga. Akakhala masiku ochepa chabe osadya, thupi lake limasungunula mafuta ambiri nthawi imodzi n'kuwatumiza ku chiwindi, chiwindicho chimadzaza mafuta n'kulephera kugwira ntchito. Matenda amenewa amapha, ndipo amagwira makamaka amphaka onenepa. N'chifukwa chake zonse zili m'munsimu zikuyenda pang'onopang'ono, kwa miyezi.

Gawo loyamba: mugwireni

Maso amanama pa mphaka, makamaka wa ubweya wambiri. Dikirani nthawi imene wadekha, mumuimike patebulo kapena pansi, miyendo yonse inayi itaponda. Ikani zala zazikulu pamsana pake, zala zinazo zitsike m'mbali mwa chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kenako sisitani mopepuka kulowera kumchira. Musadinikize. Mukadinikiza, nthiti mudzazipeza ngakhale pa mphaka wonenepa chotani, ndipo mudzadzinamiza nokha.

Kuti mudziwe chimene zala zanu zikumva, yerekezani ndi dzanja lanu lomwe. Kungani chibakera n'kusisita mfundo za zala: mafupa ali pamtunda, akubaya. Nthiti zikamamveka choncho, mphakayo ndi woonda. Tsopano tambasulani dzanja n'kusisita kuseri kwake: mafupa akumveka limodzi ndi limodzi, koma pali kachikopa kofewa pamwamba. Umu ndi mmene nthiti za mphaka wathupi labwino zimamvekera. Pomaliza tembenuzani dzanja, musisite chikhatho m'munsi mwa zala: mafupa alipo koma muyenera kuwafunafuna pansi pa mnofu. Nthiti zikafika pamenepo, mafuta achuluka.

Mukatha nthiti, imirirani n'kumuyang'ana kuchokera pamwamba. Kuseri kwa nthiti, musanafike pa mafupa a m'chiuno, thupi liyenera kulowa mkati pang'ono mbali zonse ziwiri. Ngati mbalizo zangowongoka kuyambira paphewa mpaka kumchira, wayamba kupitirira. Ngati pakati patukumuka kuposa chifuwa, msana n'kuoneka wotambalala ngati thireyi, wanenepa ndithu. Kenako gwadani mumuone cham'mbali: mimba iyenera kukwera pang'ono kuchokera pachifuwa kupita kumiyendo yakumbuyo.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Amphaka ambiri, ngakhale oonda, ali ndi chikopa cholendewera kumunsi kwa mimba, patsogolo pa miyendo yakumbuyo, chimene chimagwedezeka akamathamanga. Chimenechi n'chachibadwa. Chigwireni: chikakhala chikopa chokhachokha chopyapyala pakati pa zala, palibe vuto. Chikakhala cholemera, chodzaza dzanja ngati mtanda wa ufa wokanda, amenewo ndi mafuta.

Madokotala a ziweto amapereka nambala kuyambira 1 mpaka 9 pa zimene mwapezazi. Nambala 1 ndi mphaka wa mafupa okhaokha, 5 ndi thupi labwino. Pa 6 nthiti zikumveka koma zakutidwa mopitirira pang'ono ndipo chiuno sichioneka bwino. Pa 7 nthiti n'zovuta kuzipeza ndipo mimba yayamba kuzungulira. Pa 8 nthiti sizimveka, chiuno palibe, mafuta a pamimba ndi ambiri ndipo ena ali pamsana cha kuchiuno. Pa 9 mafuta afika pankhope ndi m'miyendo, mimba yatukumuka. Muuzenso munthu wina wa m'nyumbamo amugwire payekha musanamuuze nambala yanu, chifukwa ife eni ake timakonda kutsitsa nambalayo ndi imodzi.

Musasiye musanagwire minofu. Yendetsani zala m'mbali mwa fupa la msana, pamapewa, pamwamba pa mutu ndi pantchafu. Mphaka wokalamba angakhale ndi mimba yamafuta pamene msana wake wayamba kutuluka ngati mpeni chifukwa minofu ikutha. Woteroyo musamuchepetsere chakudya mwa inu nokha; ayambe waonedwa ndi dokotala.

Gawo lachiwiri: tsimikizani kuti ndi mafutadi

Mimba yaikulu si mafuta nthawi zonse. Mphaka wamkazi wosatsekedwa angakhale ndi bere, limene limatenga masiku pafupifupi 63 mpaka 65, ndipo mawere ake amafiira n'kukula pakatha masabata atatu. Kamwana ka mphaka ka mimba yotupa koma nthiti zili pamtunda kawirikawiri kamakhala ndi njoka zam'mimba. Mimba imene yakula m'masiku ochepa, yolimba kapena yomveka ngati muli madzi, pamene mphakayo wafooka, ndi matenda, ndipo ayenera kupita kwa dokotala tsiku lomwelo. Mafuta amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi, ndipo amakuta thupi lonse ndi nthiti zomwe.

Ngakhale mutatsimikiza kuti ndi mafuta, mphaka wa nambala 8 kapena 9, wopitirira zaka 7, kapena amene akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, apimidwe kaye. Ngati ali kale ndi shuga ndipo akubayidwa jakisoni, kuchepetsa chakudya popanda kusintha mlingo wa mankhwala kungamugwetse. Ana a mphaka amene akukula, amphaka a bere ndi oyamwitsa sachepetseredwa chakudya.

Gawo lachitatu: muyezeni pa sikelo, mupeze kumene mukupita

Njira yomunyamula n'kukwera naye pa sikelo ya anthu, kenako n'kuchotsera kulemera kwanu, imathandiza kudziwa poyambira, koma siikwanira pa ulendo wonsewu, chifukwa sikelo zimenezi zimaphonya ndi magalamu 100 kapena kuposa, pamene inu mukufuna kuona kusintha kwa magalamu 50 pa sabata. Sikelo yopachika ya manambala, yonga yoyezera zikwama za paulendo, ndi yabwino. Ikani mphaka m'chikwama cholimba kapena m'basiketi yake yoyendera, pachikani monga amachitira ndi ana ku sikelo, kenako chotserani kulemera kwa chikwamacho. Muziyeza tsiku lomwelo la sabata, m'mawa asanadye, pa sikelo yomweyo, n'kulemba m'kope.

Tsopano nambala ija ikugwira ntchito. Nambala iliyonse pamwamba pa 5 imaimira pafupifupi 10 peresenti ya kulemera kopitirira. Tiyerekeze kuti muli ndi mphaka wamwamuna wofulidwa, wa zaka 5, timutche Kambuku. Pa sikelo akulemera makilogalamu 6, nthiti sizikumveka, chiuno palibe, ndiye mwamupatsa 8. Wapitirira ndi manambala atatu, kutanthauza 30 peresenti. Gawani kulemera kwake ndi 1.3:

```
6 ÷ 1.3 = 4.6
```

Kambuku ayenera kulemera makilogalamu pafupifupi 4.6, ndiye ali ndi 1.4 yoti ataye. Kwa munthu kumva, kilogalamu imodzi ndi theka ndi yochepa, koma pa thupi la mphaka n'chimodzimodzi munthu woyenera kulemera makilogalamu 70 atafika 91. Akanakhala pa 7 mukanagawa ndi 1.2, pa 9 ndi 1.4. Nambala ya 4.6 imeneyi ndi yongokutsogolerani. Ngati muli ndi khadi lake la katemera lolembedwa kulemera kwake ali ndi chaka chimodzi, yerekezani, chifukwa amphaka ambiri pa msinkhu umenewo amakhala asananenepe.

Gawo lachinayi: dziwani zimene akudya panopa

Musanachepetse kanthu, tengani masiku atatu mukungolemba. Pezani kasikelo ka kukhitchini koyeza magalamu, muziyeza chakudya chimene mukuthira m'mawa ndi chimene chatsala madzulo. Kapu kapena dzanja n'zosadalirika: kapu yomweyo lero idzaza mosefukira, mawa pang'ono, ndipo kusiyana kwa magalamu 10 pa tsiku n'kokwanira kulepheretsa zonse.

Lembaninso zina zonse, ndipo apa m'pamene pamafunika kufunsa aliyense mwaulemu, kuyambira agogo mpaka wantchito ndi ana. Khungu la nkhuku limene bambo amaponya pansi pa tebulo, mkaka wa m'sosa m'mawa, nsima yonyika mu msuzi, usipa wokazinga umene ana amam'gawira, mbale ya galu imene amakathera. Kawirikawiri aliyense amaganiza kuti ndi iye yekha amene amam'patsa kanthu. Ngati mphaka amatuluka, funsaninso anansi, chifukwa amphaka ambiri amadya makomo awiri.

Tinene kuti mwapeza kuti Kambuku amadya magalamu 75 a chakudya chouma cha m'paketi pa tsiku, kuwonjezera mkaka ndi zotsala za patebulo. Pa paketi yang'anani pamene alemba `kcal`, amene ndi makalori, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya. Zakudya zouma zambiri zili ndi makalori pakati pa 350 ndi 400 pa magalamu 100 alionse. Ngati cha Kambuku chili ndi 380, ndiye kuti magalamu 75 akumupatsa makalori 285, tisanawerengere zapatebulo zija.

Gawo lachisanu: werengerani mlingo watsopano

Pali kawerengedwe kapafupi ka mphamvu imene thupi limafuna likungopuma. Chulukitsani makilogalamu ndi 30, muwonjezere 70. Kuti mphaka achepe thupi, mupatseni magawo 8 mwa 10 a yankholo. Chofunika kwambiri n'chakuti mugwiritse ntchito kulemera kumene akuyenera kukhala nako, 4.6, osati 6 ya lero:

```
30 × 4.6 + 70 = 208
208 × 0.8 = 166
166 ÷ 3.8 = 44
```

Choncho Kambuku akufunika makalori pafupifupi 170 pa tsiku, amene ndi magalamu 44 kapena 45 a chakudya chake chouma, poti galamu iliyonse ya chakudyacho ili ndi makalori 3.8. Mukaziyeza n'kuziona m'mbale mudzamva chisoni, chifukwa ndi zochepa zedi poyerekeza ndi zimene anazolowera. Ndi chifukwa chake sitilumpha kuchoka pa 75 kufika pa 45 tsiku limodzi. Sabata yoyamba siyani mkaka ndi zapatebulo zonse, mumupatse magalamu 65. Sabata yachiwiri 55. Kuyambira yachitatu, 45. Zikachitika kuti pa 55 wayamba kale kutsika bwino pa sikelo, khalani pomwepo. Palibe chifukwa chopitirizira kuchepetsa.

Mlingo wa pa paketi musautsatire mwachimbulimbuli. Kawirikawiri umakhala wa mphaka wothamangathamanga, ndipo anthu amawerenga mzere wa kulemera kwa lero m'malo mwa kumene akulinga.

Mtundu wa chakudya ulinso ndi mbali yake. Mphaka ndi nyama yodya nyama: thupi lake limafuna mapuloteni ambiri, ndipo nsima kapena mpunga zimangomuwonjezera mphamvu popanda zomanga minofu zokwanira. Mukachepetsa kwambiri chakudya wamba, mumachepetsanso mapuloteni ndi mavitamini, n'chifukwa chake kwa mphaka wa nambala 8 kapena 9 ndi bwino kufunsa dokotala za chakudya chopangidwira kuchepetsa thupi, chimene chili ndi makalori ochepa koma zofunika zina zokwanira. Chakudya chonyowa cha m'zitini kapena m'timapaketi chimathandizanso, poti gawo lalikulu ndi madzi: magalamu 100 amakhala ndi makalori 70 mpaka 100 okha, ndiye mbale imaoneka yodzaza ndipo mimba imakhuta. Kambuku mungamupatse kapaketi kamodzi ka magalamu 85, ka makalori pafupifupi 75, ndi magalamu 25 a chouma, n'kufika pa 170 pomwe paja. Chakudya chatsopano chilowe mosakaniza ndi chakale kwa sabata yathunthu, chifukwa mphaka akachikana amatha kusala, ndipo kusalako ndiye ngozi ija.

Ngati mumamuphikira nokha, werengerani ndi dokotala, chifukwa nsomba yokha kapena nyama yokha tsiku ndi tsiku sizikwanira. Ndiwo zathu za pa mbaula musamupatse: anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka, ndipo mafuta ophikira ndi mchere n'zambiri. Tinthu tomusangalatsira, monga tiusipa tiwiri towiritsa topanda mchere, tisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsikulo, ndipo tichotseredwe pa mlingowo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kadyetsedwe ka tsiku ndi tsiku

M'mawa uliwonse munthu mmodzi ayeze chakudya cha tsiku lonse n'kuchiika m'kabotolo kotseka. Aliyense wofuna kudyetsa mphaka atape m'menemo, ndipo kakatha, chatha. Chigaweni kanayi kapena kasanu, chifukwa mphaka mwachibadwa amadya pang'onopang'ono kambirimbiri, mbewa imodzi apa, ina pambuyo pake. Sungani gawo lina la usiku musanagone kuti asakudzutseni m'bandakucha.

Adzalira, makamaka masabata awiri oyamba. Akalira pamene nthawi siinakwane, musathamangire kabotolo. Nthawi zina akufuna inuyo: musisiteni, mupeseni ubweya, kapena mumangirire nthenga ya nkhuku ku chingwe mumuthamangitse nayo mphindi zisanu, kawiri kapena katatu pa tsiku. Mphaka wonenepa amatopa msanga, ndiye akayamba kupuma ndi pakamwa lekani. Mungabowolenso timabowo m'botolo lapulasitiki louma, n'kuikamo chakudya chouma, kuti azilikankha ndi phazi kuti timibulu tituluke. Magalamu khumi amene akanawameza pa mphindi imodzi amamutengera nthawi yaitali. Masewerawa amasunga minofu ndi kumuiwalitsa njala, koma chimene chimatsitsa sikelo kwenikweni ndi mlingo wa m'mbale.

Pakhomo pa amphaka angapo, adyetseni m'zipinda zosiyana, mutseke chitseko kwa mphindi 20, kenako muchotse mbale zonse. Ena amaika mbale ya woondayo pamwamba pamene wonenepa sangalumphe, koma njira imeneyi imasiya kugwira ntchito akangoyamba kupepuka. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: werengani sikelo, musinthe pang'ono

Liwiro loyenera ndi kutaya pakati pa theka la peresenti ndi 1 peresenti ya kulemera kwake pa sabata, ndipo lisapitirire 2 peresenti. Kwa Kambuku wa makilogalamu 6, amenewo ndi magalamu 30 mpaka 60 pa sabata, ndipo magalamu 120 ndiwo malire. Akamataya 1 peresenti sabata iliyonse, adzafika pa 4.6 pakatha masabata pafupifupi 26, theka la chaka. Amphaka ambiri amatenga nthawi yoposa pamenepo, miyezi 8 kapena chaka, ndipo palibe cholakwika.

Musagamule ndi muyeso umodzi, chifukwa chimbudzi ndi mkodzo wokha zimasuntha sikelo ndi magalamu makumi angapo. Yang'anani masabata anayi pamodzi. Ngati Kambuku wachoka pa 6.0 kufika pa 5.8 m'mwezi umodzi, zili bwino, musasinthe kanthu. Ngati ali pa 5.97, yambani mwafufuza kumene chakudya chikudontha, kaya ndi mwana amene akumumvera chisoni kapena khomo la anansi, ndipo pokhapokha mutatsimikiza kuti palibe, chotsani magalamu 3 kapena 4 pa tsiku, n'kudikiranso mwezi. Ngati wafika pa 5.4 m'mwezi umodzi, akuthamanga kwambiri: onjezerani magalamu 5 ndipo muuze dokotala. Pakati pa ulendo sikelo imaima kwa masabata angapo chifukwa thupi lopepuka limafuna mphamvu yochepa. Chitani chimodzimodzi, kuchepetsa pang'ono kamodzi, koma mukaona kuti mukufunika kutsika pansi pa makalori 150, musapitirize popanda dokotala.

Chimene muyenera kuchiopa kuposa kuchedwa ndi mbale yosakhudzidwa. Mphaka amene ali pa ndondomekoyi akakana chakudya tsiku lathunthu, mubwezereni chimene amachikonda, ngakhale chili chonenepetsa, ndipo imbirani dokotala. Masiku awiri asakwane asanamuone. Tukulani mlomo wake muone nkhama, yang'anani m'kati mwa makutu ndi poyera pa maso. Mukaona chikasu, kapena akusanza, akutuluka dovu, akubisala ndi kufooka, chiwindi chingakhale chitayamba kuvutika, ndipo mupite naye nthawi yomweyo osadikira kuti kuche bwino.

Kamodzi pa mwezi bwerezani kumugwira kuja, nthiti, chiuno, mimba ndi msana, n'kulemba nambala pambali pa makilogalamu. Manja ndiwo adzakuuzani poimira. Kambuku angafike pa makilogalamu 4.9 nthiti zikumveka ngati kuseri kwa dzanja ndipo chiuno chikuoneka; pamenepo wafika pa 5, ndipo 4.6 ija muisiye. Mukaona kuti msana ukutuluka pamene mimba idakali yamafuta, akutaya minofu m'malo mwa mafuta, ndipo chakudyacho chiyenera kuunikidwanso.

Akafika, musabwerere ku mbale yodzaza tsiku lonse, chifukwa mphaka amene ananenepapo amabwerera msanga. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi, kuchoka pa magalamu 45 kufika pa 50, mumuyeze pakatha masabata awiri. Akapitiriza kutsika, onjezeraninso magalamu 5. Akayamba kukwera, bwererani pa mlingo wapitawo. Sikelo ikakhazikika kwa miyezi itatu, muziyeza kamodzi pa mwezi, ndipo kabotolo ka m'mawa kaja kazidzazidwabe ndi kasikelo ka kukhitchini.